Ndimufunse chiyani kuti ndidziwe ngati nyumbayi ndi yeniyeni?

Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndaona nyumba ya lendi yotsatsidwa pa intaneti, mtengo wake wotsika mokayikitsa. Nditamulembera wotsatsayo kuti ndikufuna kudzaiona, wayankha kuti ali kutali, makiyi anditumizira ndikalipira dipoziti. Akutinso ofuna nyumbayi ndi ambiri, ndiye ndifulumire. Kufulumizitsa kumeneku n'kumene kwandichititsa mantha.

Ndikuganiza zomuuza kuti andiimbire pa vidiyo munthu wake ali m'nyumbamo, atsegule mpopi wa kukhitchini ndikuona, chifukwa zithunzi munthu akhoza kungozitenga pena. Kodi zimenezi n'zokwanira, kapena akuba amathanso kuzizembera?

Nanga akanena kuti ndilipire kandalama kochepa kongoonera nyumba, eni nyumba enieni amatero, kapena ndingomusiya?