Thandizeni kusanja mapulani atatu a nyumba ya zipinda ziwiri ku Salima

Mwini funso: Akuluakulu, ndili ndi poloti ku Salima ndipo msewu uli kumadzulo kwake. Mmisiri wandijambulira mapulani atatu, iliyonse ya zipinda zogona ziwiri, balaza, khitchini ndi bafa. Pulani A ndi ya mamita 7 kwa 9, ili ndi kolido pakati yotambalala mita 1.2, yotalika mamita 6. Pulani B ndi yofanana kukula koma ilibe kolido, zitseko zonse zikutsegukira pabalaza. Pulani C ndi yopindika ngati L, khonde lili pangodya, khitchini ndi bafa zagawana khoma limodzi. Yoyamba ndi iti, yomaliza ndi iti?

Wojambula mapulani, Lilongwe: Bambo, tengani pensulo muyende nayo papepalapo maulendo atatu: kuchoka pakhomo kupita kukhitchini mutasenza thumba la ufa, kuchoka kuchipinda kupita kubafa pabalaza pali alendo, ndi kuchoka kukhitchini kutulukira kuseri komwe kumakhala mbaula.

B ikugwa paulendo wachiwiri. Munthu womanga chitenje pachifuwa akudutsa pamaso pa apongozi kukasamba. Komanso werengani zitseko za pabalazapo: chakunja, cha khitchini, ziwiri za kuzipinda, cha bafa. Zisanu. Chilichonse chimadya masentimita 80 kapena 90 a khoma, ndipo kutsogolo kwake simungaike kanthu. Papepala balazalo likuoneka lalikulu, koma mipando ikalowa mupeza kuti palibe khoma lotalika loyedzekapo sofa.

Vuto la A ndi lina. Kolido ya 1.2 kwa 6 ndi masikweya mita 7.2 mwa 63, malo ofanana ndi kachipinda ka mamita 2.4 kwa 3. Mukufolera ndi kuwaka malo ongodutsapo, amdima masana omwe poti mbali zonse ndi makoma. Ikhoza kukonzeka: ifupikitseni ikhale mamita 2.5, zitseko za zipinda ziwirizo ndi bafa zikumane pamenepo, malo otsalawo apite kubalaza. Mukatero, ine ndikusanja A, C, B. Osakonza kolidoyo, C ikhale patsogolo.

Mayi wa ku Senga Bay: Kuno nkhani ndi kutentha basi. Sankhani imene ili ndi mawindo akuluakulu kummawa, mphepo ya kunyanja izilowa.

Wojambula mapulani, Lilongwe: Mwanena zoona mayi, koma mphepo silowa m'chipinda ngati ilibe potulukira. Chipinda chilichonse chikhale ndi mawindo m'makoma awiri. Mwera umachokera cha kummwera chakummawa, ndiye zenera la kummwera ndi lina la kumpoto zimakoka bwino mpweya. Makoma amenewa ndi osavutanso kuwatchinga kudzuwa, chifukwa masana limakhala pamwamba ndipo denga lotuluka masentimita 60 limaika mthunzi. Kummawa ndi kumadzulo dzuwa limalowa chammbali, denga silithandiza kwenikweni. La kumadzulo ndiye loipitsitsa: mu Okutobala limawotcha khoma madzulo onse, njerwa nkumatulutsa kutenthako usiku anthu akugona. Pa kukula kwa mawindo, magalasi ake asachepere gawo limodzi mwa magawo 10 a pansi pa chipindacho. Chipinda cha 3 kwa 3 chikufuna pafupifupi sikweya mita imodzi.

Bambo mwini funso, pa C chipinda chachikulu chayang'ana kuti?

Mwini funso: Chayang'ana kumsewu, zenera lake lili kumadzulo komweko.

Wojambula mapulani, Lilongwe: Ndiye itembenuzeni. Kumsewuko kukhale khonde, bafa kapena sitolo. Nyumba siyenera kuyang'ana msewu ndi chipinda chogona ayi.

Kalipentala wa ku Chipoka: C ndi yokongola koma muganizire denga. Pamene mapiko awiri a L akumana pamakhala ngalande yomwe madzi a mbali zonse amathiramo. Ikakhala yopapatiza, kapena masamba a mango akadzazamo, madzi amabwerera pansi pa malata nkudonthera pasiling'i. Malata a pamenepo amadulidwa mopingasa, zidutswa zambiri zimatayika. A ndi B denga lake ndi losavuta, mbali ziwiri basi. Chimene ndikuyamikira pa C ndi khoma la khitchini ndi bafa lija: mapaipi amafupika, ndipo pakatsekeka mumakumba malo amodzi. Chimenecho chikopereni ku A.

Mnyamata wa ku Khombedza: Njerwa zingalowe zingati pa nyumba yotereyi? Inenso ndikufuna kuyamba yanga.

Kalipentala wa ku Chipoka: Achimwene, limenelo ndi funso lina. Tsegulani lanu, muike miyeso ndi mtundu wa njerwa.

Mayi wa ku Senga Bay: Koma B musainyoze kwambiri. Ngati bafa ndi chimbudzi zili panja, monga nyumba zambiri kuno, chitseko chimodzi chachoka ndipo zamanyazi zija zatha. Ndiponso khitchini ya mkati ya chiyani yaikulu, pamene nsima iziphikidwa pamakala kuseri? Ikhale ya 2 kwa 2.5, khonde la kuseri likule.

Wojambula mapulani, Lilongwe: Za khitchini ndagwirizana nanu. Za B ayi, zitseko zinayi pabalaza zikadali zambiri. Bambo, jambulaninso A ndi C papepala la mabokosi, bokosi limodzi likhale theka la mita. Dulani timapepala ta bedi, sofa ndi tebulo pamuyeso womwewo, muone ngati m'mbali mwa bedi mukutsala masentimita 60 oyendamo. Muike muvi wosonyeza kumpoto, mutumize tione.