Ndilembe bwanji mbiri yanga pa pichi deki?

Moni nonse. Ndili ndi bizinesi yogaya chiponde ku Ndirande, ndipo ndikukonza pichi deki yokaonetsa ofuna kuikamo ndalama. Tsamba la mbiri ya mwini bizinesi ndilo landivuta. Ndinalemba digiri yanga ya ku MUBAS ndi mawu akuti ndine wolimbikira, koma mnzanga akuti zimenezo aliyense angalembe, sizisonyeza kuti maoda ndingawakwanitse.

Ndiye ndiyambe ndi ziti? Satifiketi ya MBS ndinaitenga, ndipo mashopu atatu a ku Limbe amaoda mwezi ndi mwezi osadumphitsa. Kodi nditchule kuchuluka kwa mabotolo, kapena ndalama zimene timalowetsa? Ndalamazo ndikuopa kuziika poyera, pichi deki imayenda m'manja ambiri. Amene munapatsidwapo ndalama, mizere ingati inakwanira? Ndithandizeni chonde.