Za mayeso a wolemba mabuku a ndalama aja, tinapanga

"Ndingamuyese bwanji munthu wofuna ntchito yosunga mabuku a ndalama pa holoselo yanga mosakondera?"

Zikomo nonse munandiyankha tsiku lija, mayeso aja tinapangitsa Loweruka. Anabwera atatu, aliyense tinampatsa envelopu yofanana ndendende, malisiti a mwezi umodzi, sitetimenti ya kubanki ndi kashibuku yathu, maina a makasitomala tinafufuta, ola limodzi ndi theka, kakyuleta yololedwa. Ntchito inali yoti agwirizanitse kashibuku ndi sitetimentiyo basi.

Ndinabisamo misampha dala, cheke cha K150,000 chomwe tinalemba koma mwini wake sanakatape, machaji a banki osalowa m'kashibuku, komanso K54,000 yolembedwa ngati K45,000, kusiyana kwake K9,000 ndipo wozolowera amadziwa kuti kusiyana kukagawika ndi 9 ndiye kuti mwina manambala atembenuzidwa. Mayankho ndi mamalikisi tinalemberatu ndi akauntanti wathu tisanaone pepala la munthu, pamapepala panali manambala osati maina, zija zoti uyu ndi wakwathu zisalowerere.

Wina zake zinabalansa bwinobwino koma anachita kukakamiza, anangoikapo K9,000 opanda lisiti, ameneyo ndinamuopa. Tatenga mayi amene sanamalize koma analemba pambali kuti apa pakusowa umboni, ndifunse kaye, ayamba Lolemba.