Fungo la nsomba likukana kuchoka m'khitchini mwa abwana

Nabanda: Abale, ndithandizeni. Kuntchito kwanga kuno ku Kepitauni amakazinga nsomba ndi anyezi Lachisanu lililonse. Ndimatsuka ndi madzi otentha ndi sopo, koma pofika Lolemba tinsalu topukutira mbale, thabwa lodulirapo, ngakhale manja anga zimakhala zikununkhabe. Ndikulakwitsa pati?

Mayi a Chiso: Mukulakwitsa poyambira pomwepo, asisi. Chilichonse chimene chakhudza nsomba yaiwisi muziyamba mwachitsukuluza ndi madzi ozizira. Madzi otentha amaphika tinyama ndi mamina a nsomba aja, ndiye zimakakamira m'ming'alu ya thabwa ndi mu ulusi wa nsalu. Mukatha ozizirawo, pakani chinthu chowawasa, ndimu kapena viniga woyera, chifukwa fungo la nsomba limaphedwa ndi zowawasa. Dikirani mphindi 5. Madzi otentha ndi sopo zibwere pomaliza.

Phiri wa ku Joni: Musavutike, thirani soda wophikira ndi viniga pamodzi. Zikachita thovu ndiye kuti zikugwira ntchito.

Mayi a Chiso: Achimwene, zonse ziwirizo ndi zabwino, koma osati nthawi imodzi. Thovu lija ndi chizindikiro choti zikuphana mphamvu, chotsala ndi madzi amchere basi. Viniga ndi wa fungo la nsomba. Soda amathandiza pa mafuta. Chilichonse chigwire pachokha, pakati muzitsukuluza.

Nabanda: Kauntala yake ndi yamwala, ija yonyezimira. Ndipakenso viniga?

Gogo Nasimango: Ayi mwanawe, usayerekeze! Ngati mwalawo ndi mabo, mtundu wofewerapo uja, ndimu ndi viniga zimadya pamwamba pake, pamatsala chigamba chothimbirira chimene sichichoka ngakhale upukute bwanji. Giranaiti ndi wolimbako, koma mankhwala amene anapakapo otseka timabowo amatha pang'onopang'ono. Pamwala ndi madzi ofunda ndi timadontho ta sopo wa mbale, kenako uumitse ndi nsalu youma. Ndimu usungire thabwa: waza mchere supuni 2, khula ndi theka la ndimu, tsukuluza, uliimike chilili kuti liume mbali zonse. Lamtengo osalinyika m'sinki, limafufuma n'kung'aluka, fungo n'kupeza pobisala.

Nabanda: Zikomo agogo. Nanga tinsaluti? Ndi timene tandisowetsa mtendere.

Mayi a Chiso: Pa tinsalu vuto si nsomba yokha, ndi mafuta okazingira amene alowerera n'kuyamba kuvunda. Mudzadziwa chifukwa kansalu kakauma kamamveka bwino, koma kakangonyowa fungo limadzuka, ndiponso kamaterera osamwa madzi. Tengani poto wamkulu wosakhala wa aluminiyamu, madzi malita 4, soda supuni zazikulu 3 ndi sopo wa mbale pang'ono chabe kuti asasefukire. Wiritsani tinsalu ta thonje mphindi 10 mpaka 15. Madzi akasanduka achikasu, mafuta atuluka. Tsukuluzani kawiri, m'madzi omaliza muthire theka la kapu ya viniga, muyanike padzuwa. Mankhwala ofewetsa zovala osaikamo, amakuta ulusi n'kutsekera mafuta m'kati. Ndipo nsalu imene yamwa mafuta ambiri isalowe m'makina oumitsira zovala, imatha kuyaka. Bola kutaya.

Chimwemwe: Ine ndimangonyika mu Jiki n'kuthira kaviniga, zimayera mbee.

Gogo Nasimango: Siya lero lomwe! Jiki akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wapoizoni wowotcha maso ndi mapapo, makamaka m'timakhitchini topanda windo. Jiki amayenda ndi madzi okha. Komanso amayeretsa mtundu, mafuta sachotsa.

Phiri wa ku Joni: Za manja mwaiwala. Anyezi ndi adyo, khulani zala pa supuni kapena pa sinki yachitsulo chija chosachita dzimbiri, madzi ozizira akutsika, masekondi 30. Kulesitilanti tonse timatero.

Mayi a Chiso: Ena zimawathandiza, ena amati ndi madzi ozizirawo amene agwira ntchito. Ine ndimakhulupirira mchere kapena soda wosakaniza ndi sopo, kukhula mpaka m'zikhadabo, poti fungo limabisala m'menemo. Ndimu pamanja ndi wabwino pa nsomba, koma ngati khungu lang'ambika muvina nayo. Ndipo musatuluke padzuwa ndi madzi a ndimu pamanja, amatha kuwotcha khungu n'kusiya mabanga.

Nabanda: Zonsezo ndichita. Koma ngakhale ndikolope, ukangolowa pakhomo kafungo ka mafuta kamakulandira.

Gogo Nasimango: Yang'ana kumwamba. Pasa chala pamwamba pa makabati ndi pa sefa ya chokoka utsi chili pamwamba pa sitovu. Chikananda, gwero ndi limenelo. Sefayo igwetse, inyike mphindi 20 m'madzi otentha kwambiri a sopo wa mbale, ukhule ndi burashi. Zambiri ndi za aluminiyamu, ndiye soda wambiri kapena makina otsukira mbale zimaidetsa. Kuseri kwake nthawi zina kumakhala ina yakuda yamakala. Zambiri za mtundu umenewo sizichapidwa, uwauze abwana agule ina.

Chimwemwe: Nanga kuwiritsa viniga m'poto kuti nthunzi iphe fungo?

Phiri wa ku Joni: Kumachepetsako la nsomba, koma nyumba yonse imanunkha viniga mpaka madzulo. Kaya abwana ako apirira liti pa awiriwo.

Nabanda: Sefa ija ndaigwetsa. Kumata kwake ngati ulimbo. Ndainyika, ndikuuzani Lolemba.