Zena ya 5.1V ikugwa mpaka 4.3V LED ikayaka, rilei ikungoti tetete

Wa sola ku Mponela: Akuluakulu ndithandizeni mutu wazungulira. Ndikupanga kabodi kodula lodi batire ikatsika kufika 11.5V, ka kasitomala amene ali ndi batire ya 7Ah ndi nyali zitatu. Kompareta ndi LM358, mwendo umodzi uli pa puriseti yochokera ku batire, winawo pa refarensi ya zena 1N4733A, rezisita ya 1k kuchokera ku 12V. Rilei ili pa 12V payokha. Kulinso ka LED kofiira kochenjeza kuti batire yatha, kali ndi 330 omu, kakutenga moto pa zena pomwepo kudzera pa thiranzisita. Ndikatsitsa saplayi kufika 11.5 rilei m'malo modula kamodzi ikungoti tetetetete osaleka. Mita pa zena ikuti 4.9V LED ili yozima, ndikayiyatsa ndi dzanja 4.3V. Ndasintha zena ziwiri, chimodzimodzi. Mwini wake abwera loweruka

Achimwene a ku Ndirande: Aise rezisita yakulitsitsa iyo. Ika 220 omu nkhani yatha

Bambo a Tadala: Ine ndikuona ngati mulibe hisiteresisi achimwene. Batire mukaichotsera lodi imadzukanso, 11.5 imabwerera 12 ndi kanthu, ndiye bodi ikuona ngati zili bwino nkulumikizanso. Ikani rezisita kuchokera pa autiputi kubwerera ku mwendo wa pulasi

Wa sola ku Mponela: Bambo a Tadala batire sindinayikepo nkomwe, ndili pa saplayi ya pa benchi ndipo siikusuntha pa 11.5

Mayi fundi a ku Zomba: Achimwene zena zanuzo zilibe mlandu, werengani karenti yomwe ikudutsa pa 1k ija batire ili pa 11.5

```
(11.5 - 4.9) / 1000 = 6.6mA
(4.9 - 2.0) / 330 = 8.8mA
```

Woyambawo ndi moto wonse umene ulipo pamalopo, wachiwiriwo ndi umene LED yanu ikufuna. Zena imadya zotsala, lodi imayamba yatenga kaye gawo lake. Apa lodi ikufuna 8.8 pomwe palowa 6.6 yokha ndiye zena yatsala yopanda kanthu, yasiya kugwira ntchito, muli ngati mwaichotsa pa bodi. Zotsalazo ndi 1k ndi 330 ndi LED kugawana voteji, mukawerengera mupeza pafupifupi 4.3 yomwe mita yanu ikunenayo.

Ndiye onani chomwe chikuchitika. Puriseti yanu mwaiyika kuti 11.5 ifanane ndi 4.9. Batire ikatsika rilei ikudula, LED ikuyaka, refarensi ikugwa kufika 4.3, pamenepo kompareta ikuona 4.9 ya batire ili pamwamba pa 4.3 nkumati batire ili bwino, ikulumikizanso, LED ikuzima, refarensi ikubwerera 4.9, ikudulanso. Tetete wanuyo ndi ameneyo. Kuti ikhale chidulire batire ikuyenera kutsika mpaka cha ku 8.5V poti 4.3 ija nayo ikutsika limodzi ndi batire, pamenepo nkuti batire ya anthu itavulala kale

Achimwene a ku Ndirande: Ndiye si zomwe ndanena zija Mayi? Karenti yachepa. 220 omu. Detashiti ya 1N4733A imati 5.1V yo amayeza pa 49mA, iye akuipatsa 6 akudabwa chani kuti ikuwerenga 4.9

Mayi fundi a ku Zomba: Pa 49mA po mukunena zoona achimwene, nchifukwa chake ikuwerenga 4.9 ngakhale LED isanayake. Zena za 1W zimenezi pa karenti yochepa zimakhala zofewa, detashiti yomweyo ikuti 7 omu pa 49mA koma pa 1mA ndi 550 omu, ndiye mukamayandikira pansipo kusintha pang'ono kwa karenti kukusuntha voteji kwambiri. Koma 220 yanuyo muiwerengere mbali inayo. Masana panelo ikutchaja batire ili pa 14.4V, ndiye 9.3V pa 220 omu ndi 42mA, rezisita ikutentha ndi 0.39W, kaja ka kota wati kada nkupsa. Ndipo usana ndi usiku ikumwa cha m'ma 33mA, pa tsiku ndi 0.8Ah pa batire ya 7Ah. Choyipitsitsa nchakuti rilei ikadula nyali, zena ikupitirizabe kumwa 29mA pa batire yomwe tikuti tikuiteteza. Mitambo ikagwira masiku angapo m'Janyuwale mukaipeza itafa, yophedwa ndi bodi yomweyo

Achimwene a ku Ndirande: Ikani ya wani wati basi. Ine ndapanga zambiri ndi 220 palibe anabweza

Mnyamata wa mafoni: Bwana bwanji osangoika 7805? Ine kuti nditchaje foni pa batire ndinayesa zena ya 5.1 foni imangoti ikutchaja sikutchaja, nditaika 7805 zinatheka kungoti imatentha heve mpaka ndinaimangirira pa kachitsulo

Wa sola ku Mponela: Amwene sindikutchaja foni ine, ndikufuna voteji yoyezera yokhazikika

Madala a mawayilesi: Ana inu mukukamba za lodi ikachuluka, koma zena zambiri zimene ndakwirira ine zinafa lodi itachoka. Kale kunabwera wayilesi ina munthu anaisintha kuti izigwira pa batire ya galimoto, anaika 47 omu ndi zena ya 9.1V ya hafu wati. Pa 13.8V pamadutsa 100mA, wayilesi imadya 60, zena 40, imafunda koma imapirira. Tsiku lina waya wopita ku bodi unaduka mkati batire ili chilumikizire, 100mA yonse inathera mu zena, 0.9W pa kanthu ka hafu wati. Bodi inachita kuda mozungulira miyendo yake ndipo kagalasi kaja kanang'aluka. Mwayi wake zena ikamafa nthawi zambiri imafa shoti ndiye imateteza zakutsogolo, koma kenako rezisita ndi imene imatsatira, 13.8V pa 47 omu ndi mawati 4. Ndiye mwana wanga wa ku Ndirande, ukamachepetsa rezisita uziyamba wafunsa kuti lodi yonse itachoka ndani asenze motowo

Achimwene a ku Ndirande: Madala ulemu wanu koma apa 42mA pa 5.1V ndi 0.2W yokha pa zena ya 1W, siifa

Madala a mawayilesi: Iyo siifa inde. Batire ndi imene idzafe

Wa sola ku Mponela: Chabwino Mayi ndamva, nanga ndipange bwanji osaphwasula bodi yonse, ndasodera kale pa veroobodi

Mayi fundi a ku Zomba: Choyamba chotsani LED pa zena. Dulani kanjira kamodzi kokha, mwendo wa rezisita yake upite ku 12V, ndipo 330 musinthe muike 2.2k, ipeza cha m'ma 4mA iwala mokwanira. Pa zena pasatsale china chilichonse kupatula mwendo wa LM358, umenewo sumwa kanthu koti nkuwerengera. Mukatero yezaninso pa zena LED ili yoyaka ndi yozima, nambala isasunthe. Mukaona yasuntha fufuzani waya wa girawundi, mwina karenti ya rilei ikudutsa kanjira kamodzi ndi mwendo wa zena.

Koma ndikuuzeniretu kuti sikuti yasanduka yangwiro. Karenti ya zena ikuchokera ku batire yomwe mukuyezayo, batire ikamatsika refarensi nayo ikutsika pang'ono, ndipo pa divayida yanu 0.1V pa zena ndi pafupifupi 0.24V pa batire. Yezani pa 14.4 ndi pa 11.5 muone kusiyana kwake. Puriseti muiyike saplayi ili pa 11.5 penipeni, osati kuwerengera pa pepala, chifukwa zena zimenezi zili ndi 5%, ina ikhoza kukhala 4.85 ina 5.35 zochokera m'paketi imodzi. Mukasintha zena muyikenso puriseti

Bambo a Tadala: Ndipo hisiteresisi ija muikebe, pa benchi muona ngati zatha koma pa batire yeniyeni tetete abweranso nyali zikangozima

Mayi fundi a ku Zomba: Eya apo Bambo a Tadala akulondola, ndi matenda awiri osiyana, onse akufuna mankhwala

Wa ma invetala: Ine zena pa ntchito yoyezera ndinasiya kalekale. TL431 basi. Mumaipeza m'ma saplayi a kompyuta akufa ndi m'matchaja ambiri, pafupi ndi oputo. Lumikizani REF ndi kathodi mupeza 2.5V, imangofuna 1mA kupita m'mwamba ndipo karenti ikasintha imasuntha ngati 0.2 omu yokha. Ikani 4.7k kuchokera ku batire, pa 11.5 ndi 1.9mA, batire siimva nkomwe. Divayida 36k pamwamba 10k pansi ikupatsani 11.5. Chenjezo, musaike 100nF pa miyendo yake monga timachitira pa zena, imayamba kuyimba, mita ikuonetsani nambala yooneka bwino pomwe pa sikopu pali mafunde. Komanso tating'ono ta pamwamba pa bodi tija miyendo yake imasiyana kutengera kampani, onani kaye

Achimwene a ku Ndirande: Zonsezi chifukwa cha rezisita imodzi? 220 omu aise, loweruka layandikira

Bambo a Tadala: Nanga kutentha? Bokosi likakhala pansi pa malata mu Okutobala zena siisuntha?

Madala a mawayilesi: Apo ndiye mnyamatayu anasankha bwino. Zapansi pa 5V zimatsika zikatentha, zopitirira 6V zimakwera, za 5.1 ndi 5.6 zili pakati sizisuntha kwambiri. Kungoti zimatengeranso karenti yomwe ukuipatsa. Ena amaika thiranzisita kutsogolo kwa zena kuti isenze lodi, zimathandiza pa lodi koma wataya 0.6V ndipo 0.6 imeneyo imatsika ndi 2mV pa digiri iliyonse, ndiye ya kudyetsera zinthu ili bwino koma yoyezera ayi

Wa sola ku Mponela: TL431 ndilibe pano, pali saplayi ya kompyuta yakufa pansi pa benchi nditsegula madzulo magetsi akabwera. Koma rilei yokhayo ikagwira ikumwa cha m'ma 30mA, nayonso si ikudya batire?

Wa ma invetala: Ikudya kumene, pa 7Ah ine ndikanaika mosifeti

Mnyamata wa mafoni: Mabwana pepani kulowetsa ina, pali amene ali ndi mosifeti za IRF3205 zenizeni ku Lilongwe kuno? Zomwe ndinagula sabata yatha zikutentha pa ma ampu 5 okha

Achimwene a ku Ndirande: Zimenezo nzabodza aise, pala pamwamba ndi sipiriti uone ngati zilembo zikufufutika