Kampani ikamagulanso masheya ake, tingadziwe bwanji kuti sikubisa kufooka?

Anzanga odziwa za masheya, ndithandizeni maganizo. Ndikumva kuti kampani ikagula masheya ake pamsika n'kuwafafaniza, otsalawo amagawana phindu ali ochepa, choncho gawo la aliyense limakula. Ngati yagula ndi ndalama zotsala itasamalira kale ntchito zake, komanso pa mtengo wotsika poyerekeza ndi mmene bizinesiyo ilili, eni masheya apinduladi.

Chikundivuta ndi ichi. Tinene kuti kampani ili ndi masheya 100 miliyoni ndipo yapeza phindu la madola 200 miliyoni, kutanthauza madola 2 pa sheya iliyonse. Chaka chotsatira yagulanso masheya 10 miliyoni, koma phindu latsika kufika pa 190 miliyoni. Mukagawa 190 ndi 90 mupeza pafupifupi 2.11. Lipoti lidzanena kuti phindu pa sheya lakwera, pomwe bizinesiyo yabwerera m'mbuyo ndi 5 peresenti! Ine zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri, makamaka ngati bonasi ya mabwana imawerengedwa potengera nambala yomweyo.

Ndiye inu mumayamba kuyang'ana chiyani? Ine ndimayamba ndaona ngati malonda ndi phindu lonse zikukula, kenako ngati ndalama zogulirazo ndi zangongole, poti chiwongoladzanja chidzadya phindu la mtsogolo. Nanga kampani ikamagula masheya uku ikupereka ena atsopano kwa antchito ake, chiwerengero chonse osatsika, mumazigwira pa tsamba liti la lipoti la pachaka? Komanso mumayeza bwanji kuti yagula modula?