Zotsatira za funso langa la kampani ya mapulogalamu

Ndinafunsa kuti: "Bungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Mangochi lingadziwe bwanji ngati kampani yogulitsa pulogalamu ya pa intaneti idzateteza zinsinsi za mamembala, tisanasaine mgwirizano?"

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha. Ndinatsata malangizo akuti funso lililonse lizifuna umboni, osati yankho lakuti "inde" basi.

Umboniwo ndi umene unatitsegula maso. Kampaniyo inalemba kuti ili ndi satifiketi ya ISO 27001, yosonyeza kuti imatsata muyezo wa padziko lonse wa katetezedwe ka zinsinsi, koma itatitumizira chikalatacho tinapeza kuti dzina lolembedwapo ndi la kampani ina imene iwo amabwerekako makompyuta osungira zinthu. Satifiketi yotere imangotsimikizira malo osungirawo. Sinena kanthu za mmene antchito a wogulitsayo amagwirira mayina, manambala a zitupa ndi ngongole za mamembala athu. Mukalandira satifiketi, onani dzina, tsiku lothera mphamvu ndi gawo lofotokoza ntchito zimene zinayenderedwa.

Pa zosunga zapadera anayankha kuti amakopera zonse tsiku lililonse. Tinafunsanso kuti ndi liti pamene anayesa kubwezeretsa zimene anakoperazo, ndipo anavomera kuti sanayesepo. Zimenezi zinandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa zokopera zosayesedwa zikhoza kukanika pa tsiku lenileni la ngozi.

Sitinawakane, poti sanatibisire kanthu. Tinasaina atayesa kubwezeretsa ife tikuona, komanso atavomera kulemba mu mgwirizano kuti adzatidziwitsa pasanathe maola 72 ngati wina waba zinsinsizo, ndiponso kuti tikadzasiyana adzatibwezera zathu zonse n'kufufuta zotsala kwawo.